Manase Mwangolera ndi Ntchito ya ku Limbe

Manase Mwangolera anali wa ku Kaporo, wobadwira komweko ndi kukulira komweko, kudera lachidikha kumene mpunga umachita bwino koma madzi osefukira salephera kubwera. Sukulu anafika nayo Fomu 2 ndipo mayeso anakhoza. Koma chaka chomwecho mtsinje wa Lufilya unadzaza n'kukokolola munda wonse wa bambo ake, fizi n'kusowa. Anabwerera kumudzi, nagwira khasu ndi ng'ombe zolimira, osadandaula kwa munthu. Nthawi yokolola ankagwirako ganyu yolemba matumba pamsika wa mpunga, chifukwa dzanja lake linali looneka bwino ndipo Chingelezi ankachidziwa.

Anali munthu wosapupuluma. Ukamufunsa kanthu ankayamba wakuyang'ana, kenako n'kuyang'ana pansi, yankho n'kubwera iwe utayamba kuganiza kuti sanamve. Anzake ankati Manase akamagula nsapato amafunsa ndi dzina la ng'ombe imene inapereka chikopa.

Mkazi wake anamupeza m'matope. Mphunzitsi watsopano, Thelma, wochokera ku Chiradzulu, anatsika basi pamsewu mvula itagwa kwa masiku, ali ndi sutikesi, matiresi ndi mbaula, osadziwa kuti kusukulu akafika bwanji. Manase ankadutsa ndi ngolo. Anakweza katundu yense, mphunzitsiyo n'kukhala pamwamba pa matiresi atanyamula nsapato m'manja. Njira yonse Thelma ankaseka Chichewa cha Manase, chimene chinkatuluka chopindika ndi Chinkhonde, ndipo Manase ankachipinda dala kuti amvenso kusekako.

Anakwatirana patatha zaka ziwiri. Akuluakulu a kwa Manase anakonza ng'ombe za malowolo monga mwa mwambo wawo, koma a ku Chiradzulu anadabwa, amvekere, "Ife mwana sitigulitsa, ndipo ng'ombezo tikaziika kuti? Khola lathu ndi la nkhuku." Anakambirana mpaka anamvana. Mwana wawo woyamba anali wamkazi, anamutcha Towera.

Ndiye kunabwera chaka cha 1989. Boma linalamula kuti mphunzitsi aliyense azikaphunzitsa kuchigawo chakwawo. Aphunzitsi a kumpoto amene anali kumwera ndi pakati anayamba kufika pa malole ndi katundu wawo, a kumwera amene anali ku Karonga nawonso n'kumanga mitolo. Dzina la Thelma linali pamndandanda. Anayesa kufotokoza kuti ndi wapabanja, anamuuza kuti apite kaye, nkhani yake aiona. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kawiri.

Kumutsatira sikunali kophweka. Ku Chiradzulu malo olima ndi ochepa, ndipo Thelma anakafikira m'nyumba ya mayi ake, momwe munali kale achemwali ake ndi ana awo. Manase akanakakhala mkamwini wopanda munda, wopanda ntchito, wodya malipiro a mkazi amene ankathera m'kamwa mwa anthu ambiri kale. Anagwirizana kuti Thelma atsogole ndi Towera, amene anali asanakwane zaka zinayi, ndipo Manase akapeza ntchito ku Blantyre kapena ku Limbe asiyire minda mng'ono wake Zebedee, awatsatire.

Tsiku limene ananyamuka, Manase anawaperekeza pa ngolo yomweyo mpaka pamsewu. Pobwerera anazisiya ng'ombe kuti ziyende momwe zifunira.

Nyumba inamukulira. Ankaphika chakudya chambiri mosazindikira, chotsala n'kupatsa agalu. Pakhonde panali kamtondo ka Towera kosinjiramo dothi, ndipo posesa ankakalambalala osakasuntha. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita ku boma kukawerenga nyuzipepala zakale kwa mnzake wogulitsa m'golosale, kufunafuna malo a ntchito. Analemba makalata ambiri opempha ukalaliki, ulonda, ntchito yosunga katundu. Ambiri sanayankhidwe. Awiri anayankha kuti malo adzaza.

Chaka chinatha chonchi. Thelma anabwera kamodzi kokha pa holide yaitali, chifukwa ulendo unali wa masiku awiri pabasi ndipo mtengo wake unkadya theka la malipiro ake.

Mpunga utayamba kubereka chaka chotsatira, kalata inafika. Envulopu yake inali yoyera, mawu otayipa, pamwamba dzina la kampani: Mpatamanga General Carriers, bokosi la positi ku Limbe. Manase anakumbukira kuti anawalemberadi ataona kachidziwitso kawo kakang'ono pansi pa tsamba la nyuzipepala. Kalatayo inati mwa anthu ambiri amene anafunsira, iye wasankhidwa kukhala woyang'anira nyumba yosungira katundu. Malipiro abwino, nyumba yaulere ya zipinda ziwiri. Chotsala n'chimodzi: atumize makwacha makumi anayi pa positala oda, pepala la ndalama logula ku positi lija, kuti amulembetse ndi kumusokera yunifolomu. Achite zimenezi milungu iwiri isanathe, apo ayi malowo apatsa wina.

Manase anawerenga ataima pakhomo pa positi, n'kuwerenganso atakhala pansi pa mtengo wa mango. Mawu akuti nyumba ya zipinda ziwiri ndi amene anamugwira. Anaiona nyumbayo, ngakhale ku Limbe anali asanafikeko. Anaona Thelma akukonza makope a ana patebulo, Towera akugona chipinda chinacho. Kuchokera ku Limbe kupita ku Chiradzulu ndi pafupi, Thelma akanapempha kuti amusinthire sukulu ya m'tauni, kapenanso kumabwera Lachisanu lililonse. Tsiku lomwelo analembera mkazi wake kumuuza zonse.

Ndalamayo akanaipeza. Akanagulitsa mpunga wotsala m'nkhokwe ndi mbuzi imodzi. Koma khalidwe lake lija silinamusiye. Kalatayo inalibe dzina la msewu, inalibe nambala ya telefoni, ndipo pamalo posayina panali mzere wokhotakhota wopanda dzina pansi pake. Komanso anthuwo anali asanamuonepo nkhope, osamufunsa funso ngakhale limodzi, chikhalirecho ankafuna kumupatsa makiyi a katundu wawo.

Lolemba anapita ku ofesi ya Leba, yoona za ntchito, ku boma. Amene anamulandira anali a Gideon Chimphepo, bambo wa ku Ntcheu wa imvi m'mbali, amene anakhala ku Karonga nthawi yaitali moti ankapereka moni m'Chinkhonde, ngakhale zina zonse ankayankhula Chichewa. Anawerenga kalatayo magalasi atatsikira pamphuno, kenako anatenga buku la matelefoni n'kutsatira maina ndi chala.

"Mulibemo," anatero. "Koma zimenezi pazokha sizikutanthauza kuti ndi abodza. Kampani ikakhala yatsopano imatha kusowa m'buku. Chimene chikundivuta ine, a Mwangolera, n'chakuti ndagwira ntchito ino zaka zambiri, koma bwana weniweni wofuna ndalama kwa munthu asanamulembe ntchito sindinamuonepo. Wolemba ntchito ndiye amalipira. Yunifolomu amakupatsani, kapena amakudulani pang'onopang'ono mutayamba kale."

"Ndiye ndiitaye, bwana?"

A Gideon anamuyang'ana. "Mukuifuna kwambiri?"

"Banja langa lili ku Chiradzulu. Akazi anga ndi aphunzitsi."

A Gideon anavula magalasi. Sanafunsenso zambiri, chifukwa nkhani za aphunzitsi aliyense ankazidziwa ndipo sizinali zokambira muofesi. Anangoti, "Anga ali ku Ntcheu. Ndimawaona pa Khirisimasi." Kenako anabwerera ku kalata ija. "Musaitaye. Ayankheni. Koma musatumize ngakhale tambala, ndiponso satifiketi yanu yeniyeni musatumize. Afunseni zinthu zimene kampani yoona ingayankhe mosavuta: ofesi yawo ili msewu uti, telefoni yawo, dzina la amene anasayinayu ndi udindo wake, ndi nambala imene analembetsera kampaniyo ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ku Blantyre. Afunseninso kalata yeniyeni yokulembani ntchito, yonena malipiro ndi tsiku loyamba. Ine ndilembera anzanga a Leba kumeneko, koma musadalire, mayankho athu amayenda ngati kamba."

"Sakwiya? Akaona ngati ndikuwatcha akuba, malo apatsa wina."

"Ndiye musawatche akuba. Simukudziwa. Lembani ngati mukulembera munthu amene mwina mawa akhala bwana wanu. Akakhala oona, adzakondwa kuti woyang'anira katundu wawo ndi munthu wosamala. Akakhala onama, simunataye kanthu koma sitampa."

Manase anabwerera kunyumba nakhala pakhonde ndi pepala. Kalata yoyamba inatuluka yaukali, ngati ya wapolisi wofunsa mlandu. Anaing'amba. Yachiwiri inatuluka yopemphetsa, yodzaza ndi za mkazi ndi mwana, ngati akuwauza anthuwo pamene angamugwire. Imeneyonso anaing'amba. Yachitatu anailemba m'mawa mwake atachoka kumunda kokaingitsa mbalame. Inali m'Chingelezi, koma tanthauzo lake linali ili:

"Okondedwa Bwana, ndathokoza kwambiri chifukwa cha kalata yanu ndiponso pondiganizira pa ntchito yoyang'anira katundu. Ntchitoyi ndikuifuna ndi mtima wonse ndipo ndine wokonzeka kuyamba tsiku limene mungandiuze. Popeza ndili kutali ndipo kampani yanu sindinaidziwe bwino, ndikupempha mwaulemu kuti mundithandize ndi zinthu izi: msewu ndi malo pamene pali ofesi yanu, nambala ya telefoni, dzina ndi udindo wa amene ndiyenera kukumana naye, nambala imene kampani inalembetsedwa nayo ku boma, ndi kalata yondilemba ntchito yofotokoza malipiro ndi tsiku loyamba. Kunena za ndalama yolembetsera ndi yunifolomu, sinditha kutumiza ndisanayambe ntchito. Ngati ndi lamulo la kampani, ndikuvomera kuti mudzandidule pa malipiro anga oyamba. Ngati mungakonde kundiona kaye, ndibwera ndekha ku ofesi kwanu, kapena akazi anga amene ali ku Chiradzulu angathe kufika m'malo mwanga. Ndikhulupirira kuti pempho langali silikukhumudwitsani. Ine wanu, Manase Mwangolera."

Atawerenganso, anafufuta mawu onena za akazi ake ndi Chiradzulu, poganiza kuti anthu osawadziwa sayenera kudziwa komwe banja lake lili. Anakopera papepala lina mosamala, naponya ku positi. Envulopu italowa m'bokosi, anamva ngati wataya chinthu m'chitsime.

Yankho la Thelma ndi limene linayamba kufika. Munali chimwemwe chokhachokha. Anati Towera wauzidwa kale kuti adadi akubwera, ndipo tsiku lililonse akumafunsa ngati ndi lero. Anati ngati ndalama ikuvuta, iye akongola kwa mphunzitsi mnzake atumize yekha. "Musachedwe, bambo a Towera," analemba motero. "Mwayi sudikira munthu."

Manase anayankha, nafotokoza zimene anachita ndi zimene a Gideon ananena, napempha kuti asatumize kalikonse. Milungu iwiri ija inali itatha kale.

Kalata yotsatira ya Thelma inali yaifupi, ndipo Manase sanaiiwale moyo wake wonse. "Ine ndimadziwa kuti ndinu munthu wofunsa," inatero. "Koma pali zina zimene munthu akazifuna safunsa. Makwacha makumi anayi ndi ochuluka kuposa ife? Kapena ndi minda ndi ng'ombe zimene zikukukanikani kusiya? Ngati n'choncho ndiuzeni, ndileke kumunamiza mwana."

Manase anaipinda kalatayo naiika m'thumba la malaya. Anapita kumunda, nayenda m'mizere madzi akumufika m'mawondo, osadziwa chimene wapitira. Zebedee anamupeza ataima chilili, mbalame zikudya mpunga patsogolo pake iye osaziona.

"Achimwene, mukudwala?" anafunsa Zebedee m'chiyankhulo chawo.

"Iyayi."

"Ndiye tumizani ndalamayo basi. Ikatayika yatayika. Alamu adziwe kuti munayesa."

Mawu amenewa anamuvutitsa kwambiri, chifukwa munali nzeru. Anafika mpaka pogulitsa mbuzi. Anafika mpaka pa kauntala ya positi ndalama ili m'manja. Koma atafunsidwa kuti positala odayo alembe dzina la ndani, anazindikira kuti alibe dzina la munthu ngakhale mmodzi loti atchule. Anapepesa, nagula sitampa yokha. Kwa Thelma analemba kuti, "Mayi a Towera, ng'ombe ndingazigulitse mawa, ndi ngolo yomwe. Sindikuumira ndalama. Ndikuopa kufika ku Limbe ndi sutikesi, minda nditasiya, n'kupeza kuti kulibe khomo loti ndigogode, kenako n'kubwera kwa amayi anu manja ali m'thumba. Dikirani ayankhe. Akangondiuza msewu wokha, ndikwera basi."

A kampani aja anayankhadi. Kalata yawo inabwera mpunga utayamba kucha. Inati kampani ndi yodziwika bwino ndipo siyenera kudzifotokoza kwa wofunsira ntchito. Inati ofesi ili ku Limbe pafupi ndi msika. Inati chifukwa cha khalidwe lake labwino amusungirabe malowo, ndipo pomumvera chisoni angotumiza theka la ndalama ija, koma msangamsanga. Nambala ya telefoni munalibe, dzina munalibe, nambala ya kampani munalibe.

A Gideon atawerenga anapukusa mutu. "Mwafunsa zinthu zisanu, sanayankhe n'chimodzi chomwe. Koma mtengo atsitsa ngati akugulitsa usipa wadzulo. Ntchito sachita nayo malonda chonchi, a Mwangolera."

Manase ankadziwa. Komabe mawu akuti pafupi ndi msika anamukhala m'mutu. Msika ndi malo enieni. Mwina ofesiyo iliko, mwina ndi anthu amwano chabe koma oona. Anawayankhanso mwaulemu womwewo, mizere yochepa: anathokoza chifukwa chomusungira malo, nati akadali wokonzeka, koma sadzatumiza ndalama iliyonse mpaka atalandira zimene anapempha. Kenako anatenga kalata yawoyo naitumiza kwa Thelma osawonjezerapo ndemanga.

Thelma, monga anadzafotokozera pambuyo pake, ananyamuka Loweruka m'mawa ali ndi mkwiyo, cholinga chake chili choti akaipeze ofesiyo, akalipire yekha, mwamuna wake achite manyazi. Ndalama anamanga pa nsonga ya chitenje. Anatsika basi ku Limbe nazungulira msika mbali zonse. Anafunsa amatelala a m'makhonde, anafunsa amashopu, anafunsa madalaivala a malole amene amadziwa kampani iliyonse yonyamula katundu. Palibe anali atamvapo za Mpatamanga General Carriers. Wina anati mwina ndi ku Blantyre, wina anati mwina anasamuka.

Miyendo itatopa anapita ku positi. Wa pa kauntala anati saloledwa kunena mwini bokosi. Potuluka, Thelma anapita kumene kuli timabokosi n'kupeza nambala ija. Pansi pake panakhala bambo wina wachikulire, atavala jekete yochapa bwino, sutikesi yomanga ndi chingwe ili pambali. Thelma anapereka moni nafunsa ngati akuidziwa kampaniyo.

"Inunso?" anatero bamboyo. Anati ndi wa ku Nsanje. Anatumiza ndalama yonse, analandira kalata yoti abwere adzayambe ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu, ndipo anafika masiku apitawo. Ofesi sanaipeze. Tsopano ankangodikira kuti mwina wotsegula bokosilo abwera, amufunse. Ankagona ku depoti ya basi. Ya ulendo wobwerera analibe.

"Anakulonjezani nyumba?" anafunsa Thelma.

"Ya zipinda ziwiri, mayi."

Thelma anakhala pansi pa sitepe ya positi nalira. Anati sanalire chifukwa cha bodzalo ayi, koma chifukwa m'mutu mwake anali atasoka kale makatani a nyumbayo. Atapuma, anamasula nsonga ya chitenje napatsa bamboyo ya basi yobwerera kwawo, namulangiza kuti asanakwere akanene ku polisi ndipo awasiyire makalata onse.

Kalata imene analembera Manase inafika nthawi yokolola. Inafotokoza zonsezi mwatsatanetsatane, ndipo kumapeto inati, "Mundikhululukire mawu aja. Ndinkafuna kuti zikhale zoona. Towera ndamuuza kuti adadi achedwa pang'ono."

Anthu angaganize kuti Manase anasangalala poti zimene ankakayikira zinatsimikizika. Sizinali choncho. Anakhala masiku angapo ngati munthu wachotsedwa ntchito imene anaigwira zaka. Anapita kukawauza a Gideon, amene analemba dzina la kampaniyo ndi nambala ya bokosi papepala n'kukhoma pachitseko cha ofesi kuti ena achenjere, natumizanso uthenga ku polisi. Anthu awiri a ku Iponga anabwera pambuyo pake ndi makalata ofanana, mmodzi atalipira kale. Kuchokera kwa Mpatamanga sikunabwerenso kanthu. Ngati eni bokosilo anagwidwa, Manase sanamve.

"Mwachita bwino," anatero a Gideon tsiku lowauza lija, pomuperekeza pakhomo.

"Kuchita bwino kwake n'kumeneku, bwana? Ndili pomwe ndinali."

"Muli pomwe munali, eya. Mnzanu wa ku Nsanje uja sali pomwe anali."

Manase anavomera ndi mutu, koma mumtima sanatonthozeke.

Atamaliza kukolola anaganiza kuti sangadikirenso bwana woti amupititse kumwera. Nthawi imeneyo boma linali litayamba kulola anthu wamba kugula ndi kugulitsa mbewu akatenga chilolezo. Manase anafunsa zonse, monga mwa khalidwe lake, natenga chilolezocho. Anapunthitsa mpunga wake ku chigayo, naukweza pa lole ya munthu wa ku Songwe imene inkapita ku Blantyre. Iye anakhala pamwamba pa matumba, khadi la chipani ndi chilolezo zili m'thumba chifukwa cha ma rodibuloko, mphepo ya ku Chikangawa ikumulowa m'mafupa. Aka kanali koyamba kupitirira Mzuzu.

Ku Limbe mpunga wa ku Karonga sunavute kugulitsa, anthu ankaudziwa ndi fungo. Phindu silinali lalikulu, lole ndi malo ogona zinadya gawo lake, koma linakwana ulendo ndi nsapato za mwana. Atatha malonda anaima kanthawi kunja kwa msika akuyang'ana nyumba za m'mbali mwa msewu, imodziimodzi, ngakhale ankadziwa kuti palibe choti apeze. Kenako anakwera basi ya ku Chiradzulu.

Anafika dzuwa lili pamutu, sukulu itangoweruka. Thelma anamuona ali patali, anaima pakati pa njira makope ali pachifuwa, osathamanga chifukwa ana asukulu ankayang'ana. Atayandikira anangoti, "Mwaonda."

Towera anali atatalika. Mayi ake atamuitana anabwera, nagwada patali pang'ono monga amachitira ana a kumeneko kwa alendo, nati, "Muli bwanji?" Manase anamupatsa moni wa kwawo, uja ankayankha mofuula m'mawa uliwonse ali pakhonde. Mwanayo anayang'ana mayi ake kuti amuuze tanthauzo. Manase anaseka, nayankha m'Chichewa chake chopindika chija, "Ndili makora, kaya iwe mama?" Apo mwanayo anamwetulira pang'ono, koma sanasendere.

Anakhala sabata imodzi. Ankagona m'kanyumba ka mlamu wake, masana n'kumakonza denga la apongozi ndi kutema nkhuni, kuti asaoneke mlendo wongodya. Tsiku lachitatu Towera anayamba kumutsatira kulikonse osayankhula. Tsiku lachisanu anamugwira chala popita kuchitsime. Tsiku lonyamuka anakana kutsanzika, anakabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo Thelma yekha ndi amene anaperekeza mpaka pa siteji.

"Mudzabweranso liti?" anafunsa Thelma.

"Ndikagula mpunga wa anthu ena. Mvula isanayambe ndibwera."

"Za ntchito musasiye kufunsira."

"Sindisiya."

Sanasiyedi, koma ntchito ya ku Limbe sanaipeze. Anakhala munthu wa pamsewu, wolima miyezi ya mvula, wokwera malole miyezi ya chilimwe, kawiri kapena katatu pachaka. Mwana wachiwiri, Reginald, anabadwira ku Chiradzulu bambo ake ali pakati pa kuwokera mpunga, ndipo anakamuona atayamba kale kukhala pansi. Thelma analemba mapempho obwerera ku Karonga chaka ndi chaka. Linavomerezedwa zinthu zitayamba kusintha m'dziko, Towera ali mtsikana wa Sitandade 4 woyankhula Chichewa cha kumwera, amene anafika ku Kaporo n'kumadabwa kuti dziko lingakhale lopanda phiri pafupi chonchi.

Madzulo a tsiku limene Thelma ndi ana anafika, abale anadzaza pabwalo kudzaona alendo, ndipo Manase sanapeze mpata woyankhula ndi mkazi wake. Anthu atabalalika anamupeza m'nyumba ataima, akuyang'ana makoma.

"Pafunika laimu," anatero Thelma. "Ndipo mwana wamkazi wakula, sangamagone pabalaza."

Manase anayang'ana pansi kanthawi, monga ankachitira. "Njerwa ndinaumba chaka chatha," anatero. "Zili kuseri. Ndimadikira kuti mudzanene nokha mbali yoti chipindacho chikhale."